Duwa langa lachita chikasu: ndi madzi ochuluka, ludzu, kapena mdima?

Nachisale_BT
Moni nonse pagulu pano. Ndithandizeni nzeru. Ndaika chithunzi cha duwa langa, lija loyanga la masamba okhala ngati mtima, ena amati mane pulanti. Chaka chonse chathachi linali bwinobwino, koma kuyambira kumapeto kwa Juni masamba akuchita chikasu, ena akuthothoka okha. Bambo a kunyumba akuti ndikulimana madzi, mnzanga wa kuntchito akuti ndikulimiza, pomwe mwana wanga wa Folomu 3 akuti ndi kuwala, poti anaphunzira kusukulu. Inu mukuona chiyani pachithunzipo? Ndili ku Chilomoni.

Kambuzi
Ludzu limenelo, mayi. Masamba agwetsa nkhope chonchi, mukufunsanso? Thirani madzi.

Make_Tadala
Ayi musathire! Langa linkaoneka chimodzimodzi, linali lamwa madzi mopyola.

MlimiWeniweni
Nonse mwaphonya. Chomera chikachita chikasu kuyambira masamba am'munsi ndiye kuti chakudya chatha m'dothi. Aliyense amene analimapo chimanga akudziwa zimenezi. Tengani ureya pang'ono pa sipuni yaing'ono, mukwirire m'mbali, muthirire. Sabata imodzi mudzandithokoza.

Kambuzi
Mwafunsa funso limodzi, mwapeza ang'anga atatu.

Dimba_la_Bvumbwe
Mayi Nachisale, ureyayo muyambe mwaisiya kaye, ndi madzinso musathire mpaka timvane. Ine ndimafesa ndi kugulitsa maluwa, ndipo zithunzi zotere ndimalandira kawirikawiri. Chithunzi chanuchi chikuonetsa masamba okha, ndipo tsamba lachikasu palokha silinena chimene lalipha. Duwa laludzu limafota chifukwa m'dothi mulibe madzi. Duwa lomizidwa limafotanso, chifukwa mizu imafuna mpweya, ndiye dothi likakhala chinyowere mizu imabanika n'kuola, ndipo mizu yoola singakoke madzi ngakhale ali pomwepo. Kumasamba kuno zonse ziwiri zimafika ngati vuto limodzi. Ndi chifukwa chake a Kambuzi ndi Make Tadala ayang'ana chithunzi chimodzi n'kuona zinthu zosiyana.

Komabe pali zimene ndikuona. Masamba achikasuwo ali kufupi ndi dothi, osati kunsonga. Ndi angapo nthawi imodzi, ndipo chikasu chake chafalikira tsamba lonse. M'mphepete mwake sindikuona mouma mwa bulauni ngati mmene limachitira duwa limene lakhala ndi ludzu nthawi yaitali, ndipo masambawo akulendewera osapindika. Zimenezi zikukankhira ku madzi ochuluka, koma sindingalumbire.

Tatumizani zithunzi zina. Chimodzi cha duwa lonse pamodzi ndi mphika wake, china cha dothi pamwamba pafupi ndi tsinde, china cha kunsi kwa mphika, ndipo china muime pamene pali duwapo mujambule kuloza ku windo. Mujambule masana, fulashi yozimitsa. Chithunzi mwaikachi mwajambula usiku ndi babu, khoma lomwe likuoneka lachikasu, ndiye sindikudziwa kuti chikasu cha tsamba chathera pati, cha babu chayambira pati. Mukaika pepala loyera pambali pa tsamba zimathandiza.

Nachisale_BT
Zikomo bambo. Khomalo ndi loyera ndithu, ndi babu. Ndijambula mawa ndikaweruka msanga. Kuthirira ndimathira kapu imodzi m'mawa uliwonse ndisanapite kuntchito, kuyambira kale.

Make_Tadala
M'mawa uliwonse? Mu Julayi? Ku Blantyre kuno, chiperoni chili chonchi, zovala zomwe sizikuuma pachingwe?

Kambuzi
Kapu imodzi si madzi amenewo. Ine ndikuimabe pa ludzu.

MlimiWeniweni
A Dimba, ndiye mukuti nkhani ya chakudya ndi yabodza? Masamba am'munsi, chikasu tsamba lonse, si zizindikiro za kuchepa kwa naitirojeni zimenezo?

Dimba_la_Bvumbwe
Si yabodza, achimwene. Chomera chikasowa naitirojeni chimaichotsa m'masamba akale kupititsa ku atsopano, choncho chikasu chimayambira m'munsi. Pamenepo mwalondola. Koma inu nomwe mwaonapo chimanga cha m'dambo chaka cha mvula yambiri: chathiridwa feteleza bwinobwino, madzi n'kuima m'mizere, chonse n'kuchita chikasu. Mizu ikabanika siyamwa kanthu. Mukathira ureya pa mizu yodwala mukuwonjezera mchere m'dothi la mumphika, momwe ulibe kothawira, ndipo timizu totsala tamoyo timapserera.

Kusiyana kwake kuli pa liwiro. Njala ya chakudya imabwera pang'onopang'ono, miyezi, duwa lonse limayamba kutuwa koma masamba amakhala olimba, oimirira. Apa mayiwa akuti zayamba masabata ochepa apitawa ndipo masamba akugwa ali ofewa. Komanso nyengo yozizira ino duwa la m'nyumba silikula kwenikweni, ndiye chakudya silikuchifuna chambiri.

MlimiWeniweni
Chabwino, koma dothi la mumphika likatha chaka osasintha chakudya chimatha ndithu. Tidzaonana likachira.

Achimwene_Joni
Pepani ndalowerera. Maluwa amenewa mumagula kuti? Mlamu wanu akufuna awiri a pabalaza, ndikubwera kumudzi mu Disembala.

Kambuzi
Mane pulanti sagula, aise. Amati umathyola kanthambi kwa mnzako iye asakuona, apo ayi ndalama sizibwera.

Make_Tadala
Ndiye ndinu munandidulira langa la pakhonde? Ndalamazo zafika?

Kambuzi
Zikanafika bwenzi ndili pano usiku uno kukangana za masamba?

Nyakwawa
Tiyeni tibwerere ku duwa la mayi Nachisale. A Joni, za kogula tsegulani funso lanu.

Ine ndili ndi funso kwa a Dimba. Mukuti madzi ochuluka amaoletsa mizu. Nanga bwanji duwa lomweli anthu timalisunga m'botolo la madzi okhaokha, pa windo, miyezi ndi miyezi, osafa? Pamenepo si madzi ochuluka kuposa a mumphika?

Dimba_la_Bvumbwe
Funso labwino. Chimene chimapha si madzi enieniwo koma kusowa kwa mpweya. Madzi oyera a m'botolo amakhala ndi mpweya wosungunukamo, makamaka mukamawasintha, ndipo mizu imene yamera m'madzi imakula mozolowera moyo umenewo. Dothi lonyowa ndi nkhani ina. Muli manyowa ndi tizilombo tosaoneka ndi maso timene tikudya manyowawo, nato tikupuma. Mipata ya m'dothi ikadzaza madzi, mpweya wochepa umene ulipo umatha msanga, ndipo tizilombo toyambitsa kuola timakonda malo otero. Siyani madzi a m'botolo lanulo osasintha mpaka achite ndere ndi kununkha, mudzaona mizu ikuda ndi kuterera chimodzimodzi.

Mtsikana_wa_Salima
Ndiikeko nkhani yanga, mwina ithandiza, chifukwa kwa ine a Kambuzi akanakhala olondola. Chaka chatha mu Okutobala duwa la mtundu womwewu linachita chikasu m'munsi. Aliyense pa chithunzi ankati ndachulutsa madzi chifukwa dothi pamwamba linkaoneka lakuda, lonyowa. Zoona zake ndinkajambula nditangothirira. Nditalizula ndinapeza kuti mumphika monse ndi mizu yokhayokha, yazungulira, dothi latsala pang'ono, ndipo pakati pake panali pouma gwa. Dothi linali litachoka kukhoma la mphika, pali mpata wolowa chala. Madzi ndikathira ankatsetsereka mumpatamo n'kutulukira pansi nthawi yomweyo, ine n'kumati lakhuta.

Ndinamiza mphika wonse m'beseni la madzi pafupifupi theka la ola mpaka thovu linasiya kutuluka. Pofika madzulo masamba obiriwira anali ataimirira. Ndiye musamakhulupirire dothi la pachithunzi, funsani kuti lathiriridwa liti.

Kambuzi
Mwamva? Mboni yanga ndi imeneyo.

Mtsikana_wa_Salima
Sindine mboni yanu ayi. Kwathu kunali kutentha kwa kunyanja mu Okutobala, duwa lili pakhonde, ndipo masamba anga anali opindikira mkati, nsonga zouma zothetheka ukazigwira. Masamba a mayi Nachisale sakuoneka choncho.

Dimba_la_Bvumbwe
Achemwali a ku Salima anena chinthu chimene chithunzi sichingakupatseni: duwa laludzu likamwa limadzuka tsiku lomwelo kapena mawa lake. Lomizidwa mukalithira limangokhala chifotere, mwinanso kuipiraipira. Vuto ndi lakuti kuyesa mwa njira imeneyi pa duwa lomizidwa ndi kulimaliza. Ndiye yambani ndi dzanja. Lowetsani chala m'dothi mpaka mfundo yachiwiri, masentimita 4 kapena 5. Kenako tengani kamtengo kouma kosalala, kansungwi kapena kaja kotungira kanyenya, mukabaye mpaka pansi pa mphika, mukasiye mphindi 10. Kakatuluka kakuda, dothi litamatirira, pansi pali madzi. Kakatuluka koyera, pauma. Nyamulaninso mphikawo mumve kulemera kwake, ndipo mununkhize dothi.

Nachisale_BT
Ndabwera nazo zithunzi zinayi zija. Chala chatuluka ndi matope. Kamtengo katuluka konyowa konse. Kafungo kalipo, konga ka ngalande. Nditagwedeza mphika mwatuluka tintchentche ting'onoting'ono takuda.

Za kunsi kwa mphika: duwali lili m'kandowa ka penti ka malita 5, ndipo kandowako ndinakaboola ndi msomali wamoto, mabowo alipo. Koma kandowako kamakhala mkati mwa mphika wina wadothi wopaka utoto umene ndinapatsidwa pa ukwati. Nditakatulutsa ndapeza mumphika wakunjawo muli madzi ofika mfundo ziwiri za chala.

Make_Tadala
Ndinanena ine. Kambuzi ali kuti?

Kambuzi
Netiweki yavuta kuno.

Dimba_la_Bvumbwe
Tsopano zithunzi zikulankhula. Pa chithunzi cha dothi, taonani pamwamba pali nkhungu yoyera m'mbali, ndipo dothi lake ndi lakuda lomata, likuwala. Likuoneka ngati la kudambo lopanda mchenga. Matsinde awiri mwa asanuwo ada pamene akulowera m'dothi. Tintchentcheto timaswana m'dothi limene siliuma. Mabowo a kandowa analibe ntchito chifukwa anali omira m'madzi a mumphika wakunja, ndipo dothi limakoka madziwo kubwerera m'mwamba.

Koma mwana wanu wa Folomu 3 musamuseke. Onani chithunzi cha duwa lonse. Tsatirani nthambi yaitali ija yotsikira kumanja. Kufupi ndi mphika masamba ndi akuluakulu, oyandikana, ali ndi mawanga awo achikasu chowala amene duwali limabadwa nawo. Mukamapita kunsonga, masamba akucheperachepera, atalikirana, mwina kawiri kuposa am'mbuyo, ndipo ndi obiriwira okhaokha opanda mawanga. Nsonga zonse zakhotera mbali imodzi. Madzi sachititsa zimenezo, ndi kuchepa kwa kuwala. Nthambiyo ikuonetsa ngakhale pamene zinthu zinasinthira. Kodi duwali munalisuntha?

Nachisale_BT
Ee, cha m'ma Epulo. Linali pa tebulo pafupi ndi windo, koma mdzukulu wayamba kuyenda, amakoka chilichonse. Ndinalikweza pamwamba pa kabati ya mbale, pakona. Komatu pabalazapo si pamdima, timaona bwinobwino osayatsa magetsi.

Dimba_la_Bvumbwe
Munachita bwino kulitalikitsa kwa mwana, masamba ake akatafunidwa amayabwa ndi kuwotcha m'kamwa. Koma maso athu amanama pa nkhani ya kuwala, amazolowera msanga. Foninso imachita zomwezo, imawalitsa yokha chithunzi cha malo amdima, ndiye musaweruze ndi mmene chipinda chikuonekera pachithunzi. Ine ndimayang'ana mtunda. Pa chithunzi chanu cholozera ku windo, pakati pali sofa yonse ndi kampata, ndiye ndi mamita atatu kapena kuposa. Pa windo pali katani ya lesi, kunja kukuoneka khonde lofolera ndi mtengo. Pamwamba pa kabati, pafupi ndi siling'i, ndi pamene kuwala kwa pa windo kumafika mochepa kwambiri, chifukwa kumalowa kotsika.

Yesani chonchi masana: ikani pepala loyera pamene pamakhala duwa, dzanja lanu m'mwamba mwake pang'ono. Mthunzi ukaoneka ndi zala zake, kuwala kulipo kokwanira duwa limeneli. Ukangokhala chimdima chosadziwika mutu wake, kapena osaoneka n'komwe, pachepa.

Zinthu ziwirizi ndi zolumikizana. Duwa limamwa madzi molingana ndi kuwala ndi kutentha kumene likulandira. Pa windo, nyengo yotentha, kapu ya tsiku ndi tsiku ija mwina inkatha. Mwalipititsa pakona, kenako kwabwera chisanu ndi mitambo ya chiperoni, kumwa kwatsika kwambiri, koma kapu ikubwerabe yomweyo. Madzi otsalawo ndi amene mwawapeza pansi.

Nyakwawa
Ndiye tinene kuti wapalamula ndi mdima, osati madzi?

Make_Tadala
Amene waoletsa mizu ndi madzi, musazembetse mlandu.

Nyakwawa
Koma likanakhala pa windo silikanaola.

Make_Tadala
Mumphika wopanda bowo? Likanaola ndithu, kungoti mochedwerapo.

DonaWakuLeeds
Nkhani ya kuwalayi kuno ku Leeds, ku Mangalande, ndiye timaidziwa bwino. Mu Disembala usana sufika ngakhale maola 8, ndipo dzuwalo limangodutsa m'munsi. Maluwa anga chaka chilichonse amataya masamba angapo nyengo imeneyo ngakhale ndichepetse madzi. Chimene ndaona ndi chakuti masamba osowa kuwala amachita chikasu limodzilimodzi, mosathamanga, ndipo amayamba ndi a mbali yoyang'ana kukhoma. Mayi Nachisale, liikeni pa windo loyang'ana kummwera, ndi limene limalandira dzuwa lambiri.

Dimba_la_Bvumbwe
Za masamba a mbali ya kukhoma mwanena zoona, achemwali, ndipo pa chithunzi munthu amajambula mbali yokongola, ya kukhomayo sitiiona. Koma za kummwerazo ndi za kwanuko. Kuno tili kummwera kwa ikweta, miyezi ya Juni ndi Julayi dzuwa limadutsa chakumpoto, ndiye windo lowala nyengo ino ndi la kumpoto. La kummwera limapeza dzuwa cha m'ma Disembala. Kwa duwa ili ine ndimakonda windo la kum'mawa: dzuwa lofewa la m'mawa, kenako kuwala kopanda kutentha. La kumadzulo mu Okutobala limawaula masamba, amachita zigamba zotuwa zouma mbali imene yaombedwa.

DonaWakuLeeds
Ndakhalitsa kuno eti. Poti mwabwera, taonaniko langa ili, lija la masamba aatali lotulutsa duwa loyera. Nsonga zauma, masamba awiri achita chikasu, dothi ndi lonyowa pang'ono. Lili pa windo koma pansi pake pali chotenthetsera nyumba.

Dimba_la_Bvumbwe
Limenelo ndiye lovuta kuliweruza pa chithunzi kuposa onse, chifukwa limagwa chafufumimba likamva ludzu pang'ono, limagwanso mizu ikaola. Nsonga zouma zikhoza kuchokera ku mpweya wouma wa chotenthetseracho, ku mchere wa m'madzi kapena feteleza, kapenanso ku mizu yodwala. Masamba awiri achikasuwo ndi akunja kwenikweni, akale, ndipo pakati ndikuona tsamba latsopano likutuluka lobiriwira bwino. Zikhoza kungokhala ukalamba. Panopa ndi chilimwe kwanuko, chotenthetseracho chikuyaka?

DonaWakuLeeds
Ayi, chinazima kalekale. Koma nsongazo sindikukumbuka ngati zinauma nthawi ya chisanu kapena posachedwa.

Dimba_la_Bvumbwe
Ndiye dulani zoumazo, mujambule lero, mudzajambulenso pakatha masabata awiri pamalo omwewo. Zithunzi ziwiri zotalikirana masiku zimanena zambiri kuposa chimodzi.

Gogo_Nasimango
Ana inu, ine maluwa ndayamba kusunga kalekale. Musanaike dothi mumphika muziyala miyala pansi, kapena zidutswa za njerwa. Madzi amatsikira m'miyalamo, mizu siola. Mayi Nachisale akanatero sizikanachitika izi.

Dimba_la_Bvumbwe
Agogo, ndi ulemu wonse, pamenepa ndisiyana nanu pang'ono. Madzi sachoka msanga m'dothi losalala kulowa m'miyala. Dothi limawagwira mpaka litakhuta, ndiye gawo lonyowa kwambiri limakhala pamwamba pa miyalayo. Mukayala miyala mwangokweza gawo limenelo kulifikitsa kufupi ndi mizu, mwachepetsanso dothi. Ndipo ngati mphika ulibe bowo, madzi amadzaza m'miyalamo mpaka kufika ku dothi. Kaphale kamodzi kotchinga bowo kuti dothi lisatuluke ndi kokwanira.

Gogo_Nasimango
Anga onse ali ndi miyala ndipo sanafepo.

Mtsikana_wa_Salima
Mwina ndi dzanja lanu, agogo. Mumathirira kangati?

Gogo_Nasimango
Ndikaona kuti auma. Ndilibe tsiku. Ndipo ali m'miphika ya dothi yosapaka, pakhonde.

Dimba_la_Bvumbwe
Mphika wadothi wosapaka umatulutsa chinyezi m'makoma mwake, umauma msanga kuposa pulasitiki. Ine ndikuganiza kuti chikuwapulumutsa ndi chimenecho ndi kathiriridwe kanuko.

Gogo_Nasimango
Inu ganizani choncho, ine miyala sindisiya.

Nachisale_BT
Abale, nanga ine ndichite chiyani tsopano? Madzi a mumphika wakunja ndataya. Ndingolisiya liume, kapena ndilizule?

Make_Tadala
Liikeni padzuwa panja tsiku lonse, liuma msanga.

Dimba_la_Bvumbwe
Padzuwa ayi. Lakhala pamdima miyezi, mizu yake ndi yodwala, dzuwa la masana lingalimalize. Kukanakhala kuti kulibe fungo ndipo matsinde onse ndi olimba, ndikanati ingolekani kuthirira, liikeni powala, lidziumira. Koma fungo lilipo ndipo matsinde awiri ada, ndiye lizuleni muone mizu.

Pendeketsani kandowa, mutulutse zonse pa nyuzipepala, muchotse dothi ndi zala mofatsa. Muzu wamoyo ndi woyera kapena wotuwira, wolimba. Woola ndi wabulauni kapena wakuda, wofewa, ndipo mukaukoka khungu lake limavuka n'kutsala kaulusi. Yoolayo dulani ndi sizasi yoyera mpaka pamene pali polimba, sizasiyo muziipukuta ndi sipiliti. Dothi lakalelo tayani, kandowa mukatsuke ndi sopo. Ngati mizu yatsala yochepa, musabwezere m'kandowa ka malita 5, pezani kachitini kocheperako, chifukwa dothi lambiri pa mizu yochepa siliuma. Posakaniza latsopano, ine ndimatenga magawo awiri a dothi la pamwamba losakanikirana ndi manyowa owolerana bwino, gawo limodzi la mchenga wa kumtsinje wokhakhala, ndi limodzi la makala ophwanya timibulu kapena mankhusu a mpunga. Mukalifinya lonyowa m'dzanja lizigwirana pang'ono koma lizimwazika mukaligunda.

Mukabzala thirani kamodzi mokwanira mpaka madzi atulukire pansi, mudikire akhe, kenako musathirenso mpaka chala chanu chipeze pouma mpaka mfundo yachiwiri ija. Nyengo ino zikhoza kutenga sabata yathunthu kapena kuposa. Kapu ya m'mawa uliwonse ija ithe.

Matsinde odawo musalimbane nawo. Dulani kumtunda kumene kuli kobiriwira, tizidutswa tokhala ndi tsamba ndi mfundo imodzi kapena ziwiri. Pa mfundo iliyonse pali kachotupa kabulauni, mizu imatulukira pamenepo. Muike m'botolo la madzi ngati la a Nyakwawa, mfundo zili m'madzi, masamba ali kunja.

Achimwene_Joni
Tizidutswa timeneto mundisungireko tiwiri, mayi.

Kambuzi
Zopatsidwa sizibweretsa ndalama, ndakuuzani kale.

Nachisale_BT
Ndazula. Chithunzi cha mizu ndi icho. Kunsi konse kunali kwakuda, kukununkha, khungu likuvuka monga munanenera. Matsinde atatu ali ndi mizu yoyera chakumtunda, ndawabzala m'chitini chaching'ono. Awiri aja ndadula, ali m'botolo. Ndaika zonse pa shelefu m'chipinda chogona, pafupi ndi windo limene limalowa dzuwa m'mawa, mdzukulu safikako. Funso lotsala: masamba achikasu amene akadali pa nthambi abwerera kubiriwira? Ndipo mphika wanga wa ukwati uja ndiutaye?

MlimiWeniweni
Akabwerera mukathira kaureya kaja.

Dimba_la_Bvumbwe
Amene achita chikasu tsamba lonse sabwerera, ndi ureya yemwe. Achotseni. Masiku akubwerawa mwina ena awiri kapena atatu achitanso chikasu chifukwa mizu yachepa, musathamangire kuthira madzi poona zimenezo. Muziyang'ana kunsonga: tsamba latsopano likatuluka lolimba, mizu yagwira. Feteleza adikire mpaka kutenthe ndipo duwa layambanso kukula, pamenepo ine ndi a Mlimi tidzakambirana za muyezo, chifukwa sipuni ya ureya m'chitini chaching'ono ndi yambiri.

Mphika wa ukwati musataye. Pothirira muzitulutsa chitinicho, muthirire pa sinki kapena panja, chikhe, kenako mubwezere. Pa chithunzi cha mizuchi, tsinde la kumanzere lili ndi kadera kabulauni pamwamba pa mizu yoyera. Talitsinani pamenepo ndi zala mutiuze ngati ndi polimba.

Nachisale_BT
Ndi pofewerako pang'ono, koma sipakutuluka madzi.

Dimba_la_Bvumbwe
Limenelo lichotseni m'chitinimo, mulibzale palokha, kuti likapitiriza kuola lisapatsire anzake. Mudulenso kansonga kake kamodzi muwonjezere m'botolo muja.